Kapangidwe ka njira yotulutsira utsi mu atiriyamu: kuwerengera utsi wokwera ndi mpweya wolowa m'malo

Atiriyamu ndi bwalo lalitali la m'kati mwa nyumba yosanjikizana, lofoleredwa pamwamba, limene makonde a nsanjika zingapo amayang'anamo. Moto ukabuka pansi pa bwaloli, utsi umakwera molunjika ngati mzati, n'kukafalikira kunsi kwa denga, kenako mtambo wakewo umayamba kutsika. Ntchito ya mafani otulutsa utsi ndi kuletsa mtambowo kuti usatsike kufika pamene anthu akudutsa pothawa. Kuti zimenezi zitheke, mafani ayenera kuchotsa utsi wochuluka mofanana ndi umene mzatiwo ukuthira mumtambo sekondi iliyonse.

Mfundo imene imasocheretsa ambiri ndi yakuti utsi umene ukufika kudenga, pafupifupi wonse si wochokera pa chinthu chimene chikuyaka. Ndi mpweya wabwinobwino wa m'bwalomo umene mzati wotenthawo umakoka m'mbali mwake pamene ukukwera. Mzati ukatalika, mpweya wokokedwawo umachulukanso kwambiri. N'chifukwa chake kutalika kwa malo amene mukufuna kuti akhale opanda utsi kumalamulira kukula kwa mafani kuposa kukula kwa moto weniweniwo, ndipo mpweya wonse umene watulukawo uyenera kubwezeredwa pang'onopang'ono kuchokera pansi. Masamu ali m'munsiwa ndi a mu NFPA 92, buku la ku America la miyezo ya njira zoyendetsera utsi m'nyumba, ndipo tiwatsatira pa nyumba imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ngati dziko limene nyumbayo ikumangidwa limatsatira malamulo ena, manambala a malire mudzawatenge kumeneko, koma kaganizidwe kake n'kamodzimodzi.

Nyumba yathu ili chonchi: bwalo ndi la mamita 30 m'litali ndi mamita 20 m'lifupi, denga lili pa mamita 24 kuchokera pansi, ndipo khonde lapamwamba kwambiri limene anthu amayendapo lili pa mamita 16. Mpweya wa m'nyumbamo ndi wa madigiri 20.

Gawo loyamba: sankhani pamene utsi uyenera kulekezera

Yambani ndi chojambula chosonyeza nyumba itadulidwa kuchokera kudenga mpaka pansi, osati pulani ya pansi. Pezani malo okwera kwambiri amene munthu angadutsepo pothawa ali m'kati mwa atiriyamu. Malamulo a zomangamanga a ku America otchedwa IBC amafuna kuti kunsi kwa mtambo wa utsi kukhale mamita osachepera 1.83 pamwamba pa malo amenewo. Kwa ife ndi 16 kuphatikiza 1.83, zimene zikupereka 17.83, ndiye titenga mamita 18. Nambala imeneyi ndi z, ndipo imayezedwa kuchokera patsinde pa moto kufika kunsi kwa mtambo.

Mukatero onani malo otsala pamwamba. Kuchokera pa 18 kufika pa 24 pali mamita 6, ndipo amenewa ndi malo osungiramo utsi. NFPA 92 imafuna kuti kuzama kwa mtambo kusachepere magawo 20 pa 100 a kutalika konse kwa bwalo, pokhapokha mutasonyeza ndi kafukufuku wapadera kuti wocheperapo ungagwire ntchito. Magawo 20 pa 100 a mamita 24 ndi mamita 4.8, choncho 6 akukwanira. Chifukwa cha lamuloli ndi chakuti utsi ukagunda denga umathamangira m'mbali, ukafika pakhoma umatembenukira pansi, ndipo kuyenda kumeneku kumafuna malo. Denga likadakhala pa mamita 21, malo otsala akadakhala mamita 3 okha, ndipo fani yamphamvu chotani sikadathandiza. Zikatero muyenera kubwerera kwa wojambula nyumba kuti akweze denga kapena atseke khonde lapamwambalo.

Gawo lachiwiri: sankhani moto wowerengera

Kukula kwa moto kumayezedwa ndi kutentha kumene ukutulutsa, m'makilowati. Yang'anani zimene zidzakhale pansi pa bwalo, osati tsiku lotsegulira nyumba lokha koma zaka zonse: mipando ya siponji, timashopu tosunthika, zokongoletsa za pachikondwerero, katundu wa ziwonetsero. Akatswiri ambiri amatenga makilowati pafupifupi 2,000 pa bwalo limene zinthu zoyaka zimaletsedwa ndithu, ndi pafupifupi 5,000 pa bwalo limene muli mipando ndi malonda. Ife titenga 5,000, ndipo tiuwerengera ngati moto wosasintha kukula. Ndi bwino kukayikira mwini nyumba akamalonjeza kuti bwalo lidzakhala lopanda kanthu, chifukwa malo aakulu opanda kanthu sakhalitsa asanapezeredwe ntchito.

Si kutentha konse kumene kumakwera ndi utsi. Gawo lina limawazikira m'mbali n'kutenthetsa makoma ndi pansi. Gawo lokwera ndi utsi, Qc, limatengedwa kukhala 0.7 ya moto wonse, ndiye kwa ife ndi makilowati 3,500.

Musachepetse motowu podalira masipurinkala a kudenga la atiriyamu. Pa mamita 24, ngakhale pakati penipeni pa mzati wa moto wathu, utsi umafika uli pa madigiri pafupifupi 50, pamene timitu ta masipurinkala tofala timaphulika pa madigiri 68. Sadzatseguka moto usanakule kuposa pamenepa.

Gawo lachitatu: werengerani kulemera kwa utsi wokwera

Masamu a mzati wa utsi anachokera pa kafukufuku wa Gunnar Heskestad, ndipo ali mitundu iwiri malinga ndi kumene malawi akulekezera. Choyamba pezani kutalika kwa malawi:

```
zl = 0.166 × Qc^(2/5)
```

Pa Qc ya 3,500, malawi akufika mamita 4.3. Popeza z yathu ya mamita 18 ikuposa pamenepo, tigwiritsa ntchito mzere woyamba mwa iwiri iyi. Wachiwiriwo ndi wa pamene malawi akulowa mumtambo wa utsi, zomwe sizichitika kawirikawiri m'bwalo lalitali.

```
z > zl :  m = 0.071 × Qc^(1/3) × z^(5/3) + 0.0018 × Qc
z ≤ zl :  m = 0.032 × Qc^(3/5) × z
```

Apa m ili m'makilogalamu pa sekondi, Qc m'makilowati, z m'mamita. Tikaikamo manambala athu, Qc^(1/3) ndi 15.18, ndipo 18^(5/3) ndi 123.6. Gawo loyamba likupereka 133.2, lachiwiri 6.3, zonse pamodzi makilogalamu 139.5 pa sekondi. Moto wa makilowati 5,000 umanyeketsa zinthu zosafika n'komwe kilogalamu imodzi pa sekondi, ndiye mukuona kuti zotsalazo ndi mpweya wa m'bwalo.

Tsopano sewerani ndi manambalawa musanapitirire, chifukwa apa m'pamene pali zosankha zikuluzikulu za pulojekiti yonse. Mukachulukitsa moto kawiri, kufika makilowati 10,000, utsi umangokwera kuchoka pa 139.5 kufika pa 180, kutanthauza kuwonjezeka kosafika gawo limodzi mwa atatu. Koma mukasiya moto pa 5,000 n'kutsitsa z kuchoka pa mamita 18 kufika pa 12, utsi umatsika kufika pa makilogalamu 74 pa sekondi, pafupifupi theka. Choncho kukangana kwa masabata pa nkhani yoti moto ndi wa 4,000 kapena 5,000 kumapindula pang'ono. Funso lopindulitsa ndi lakuti: kodi nsanjika zapamwamba ziyeneradi kukhala zotseguka? Mukazitseka ndi khoma kapena galasi lovomerezeka, kapena makatani a utsi otsika okha alamu ikalira, mtambo umaloledwa kutsika mpaka pamwamba pa khonde lotseguka lotsatira, ndipo mafani, mapaipi, jenereta ndi mipata yolowera mpweya zonse zimachepa nthawi imodzi.

Onaninso ngati mzatiwo sukhudza makoma. Umatambasuka pamene ukukwera, ndipo m'mimba mwake mumatengedwa kukhala theka la z pofufuza nkhani imeneyi. Pa mamita 18 ndi mamita 9, ndipo bwalo lathu ndi la mamita 20 m'lifupi, ndiye palibe vuto. M'bwalo lopapatiza, utsi ukadzaza m'lifupi monse mamita 18 asanakwane, pamalo amene wakhudza makoma onsewo m'pamene pamakhala kunsi kwenikweni kwa mtambo, kaya masamu anene chiyani.

Moto wa pansi pa khonde

Moto wa pakati pa bwalo si wokhawo woyenera kuwerengera. Ngati pansi pali shopu kapena ofesi yotsegukira ku atiriyamu, utsi wake umatuluka pakhomo, n'kuyenda kunsi kwa khonde, n'kukwera kuchokera m'mphepete mwa khondelo uli wotambalala. Utsi wotambalala umakoka mpweya wambiri kuposa mzati wozungulira. Pamene mtunda wochokera kunsi kwa khonde kufika ku mtambo sukufika mamita 15, masamu ake ndi awa:

```
m = 0.36 × (Q × W²)^(1/3) × (zb + 0.25 × H)
W = w + b
```

Q apa ndi moto wonse, osati 0.7 yake. w ndi m'lifupi mwa khomo, b ndi mtunda wochokera pakhomo kufika m'mphepete mwa khonde, H ndi kutalika kwa kunsi kwa khonde kuchokera pamoto, ndipo zb ndi mtunda wochokera pamenepo kufika ku mtambo. Tiyerekeze shopu ya khomo la mamita 6, khonde lotuluka mamita 3, H ya mamita 4, zb ya mamita 14, ndi moto wa makilowati 1,000 okha chifukwa masipurinkala a m'shopu, amene ali pafupi ndi moto, augwira. Yankho lake ndi makilogalamu pafupifupi 234 pa sekondi. Moto wochepa kasanu ukupereka utsi wochuluka kuposa wa pakati pa bwalo uja.

Mukapeza zotere muli ndi njira zitatu: kupanga mafani a nambala yaikuluyo, kupachika zotchinga kunsi kwa khonde mbali zonse ziwiri za khomo kuti utsi usatambalale (W ikatsika kufika pa 6, utsi umakhala 178), kapena kulekanitsa zipindazo ndi bwalo. M'nyumba yathu titenga kuti zipinda zonse za pansi zalekanitsidwa, choncho 139.5 ndi imene tipitirire nayo.

Gawo lachinayi: sandutsani makilogalamu kukhala kukula kwa fani

Mafani amagulidwa potengera makiyubiki mita pa sekondi, choncho tifunika kudziwa kutentha kwa utsi ndi kulemera kwake pa kiyubiki mita.

```
Ts = To + Ks × Qc / (m × Cp)
ρ  = P / (287 × T)
V  = m / ρ
```

Ts ndi kutentha kwa utsi, To ndi kutentha kwa mpweya wa m'nyumba, P ndi kukanikiza kwa mpweya, ρ ndi kulemera kwa utsi pa kiyubiki mita, ndipo V ndi makiyubiki mita pa sekondi. Cp ndi 1.0, ndipo Ks ikuimira gawo la kutentha limene latsala mu utsi, losamwedwa ndi denga ndi makoma. Powerengera kukula kwa fani, Ks ndi 1.0, chifukwa utsi wotentha umatenga malo ambiri. 3,500 kugawa ndi 139.5 ndi madigiri 25, ndiye utsi uli pa madigiri 45, kapena 318 pa sikelo ya Kelvin, imene ndi T yofunika pa mzere wachiwiri. Pa malo a msinkhu wofanana ndi nyanja yamchere P ndi 101,325 Pa, ρ ikutuluka 1.11, ndipo V ndi 126 m³/s.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuziona apa. Choyamba, P ndi ya malo amene nyumbayo ili. Pa malo okwera mamita 1,000, P imatsika kufika pafupifupi 89,900 Pa, ndipo makilogalamu omwewo amafuna pafupifupi 142 m³/s. Chachiwiri, musagwiritse ntchito lamulo lakale loti mpweya usinthidwe kasanu ndi kamodzi pa ola. Bwalo lathu ndi la makiyubiki mita 14,400, ndipo lamulo limenelo likadapereka 24 m³/s basi, pamene masamu a mzati akufuna kusintha mpweya maulendo oposa 31 pa ola. Moto sudziwa kukula kwa chipinda chimene ulimo. Umangokoka mpweya malinga ndi kutalika kumene utsi wake ukukwera.

Utsi wa madigiri 45 ungaoneke wozizira, koma mafani agulidwe ovomerezeka kugwira ntchito mu utsi wotentha monga malamulo a kumaloko amanenera, chifukwa moto wa pakhonde lapamwamba, pafupi ndi malo okokera, umabweretsa utsi wochepa koma wotentha kwambiri.

Gawo lachisanu: gawani malo okokera kuti mtambo usabooke

Simungakoke 126 m³/s pa bowo limodzi mwachisawawa. Mukatsegula chotsekera cha sinki yodzaza madzi pang'ono, pakati pamabooka ndipo mpweya umayamba kulowa m'paipi madzi akadalipo. Utsi umachitanso chimodzimodzi, kungoti mozondoka: bowo likakoka mwamphamvu, mpweya woyera wa kunsi umaboola mtambo n'kulowa m'fani. Fani imaonetsa kuti ikugwira ntchito mokwanira, koma gawo la zimene ikutulutsa si utsi, ndipo mtambo umatsika kupitirira mamita 18 aja. Malire a bowo limodzi ndi awa:

```
Vmax = 4.16 × γ × d^(5/2) × ((Ts − To) / To)^(1/2)
```

Apa kutentha kuli pa sikelo ya Kelvin, ndipo d ndi kuzama kwa mtambo kuchokera kunsi kwenikweni kwa bowo kufika pamene utsi ukulekezera. Nthawi ino Ks ndi 0.5, osati 1.0, chifukwa utsi wozizira ndi umene umabooka mosavuta. Ndiye kusiyana kwa kutentha ndi madigiri 12.5 pa 293. γ ndi 1.0 ngati bowo lili kudenga ndipo pakati pake patalikirana ndi khoma kawiri m'mimba mwake kapena kuposa; ndi 0.5 ngati lili pafupi kuposa pamenepo kapena lili pakhoma penipeni.

Mabowo akakhala kudenga, kutali ndi makoma, d ndi mamita 6 onse ndipo Vmax ndi 76 m³/s, kutanthauza kuti mabowo awiri akukwana. Koma denga la atiriyamu nthawi zambiri limakhala lagalasi, ndipo mabowo amakankhidwira kumakoma. Tiyerekeze magirilo a mamita 2 m'lifupi ndi 1.5 kutalika, oyambira kudenga kutsika. Kunsi kwake kuli pa mamita 22.5, ndiye d yatsika kufika 4.5, ndipo γ ndi 0.5. Vmax tsopano ndi 18.5 m³/s yokha. Kusuntha kochepa kumeneku kwachepetsa mphamvu ya bowo kanayi. 126 kugawa ndi 18.5 ndi 6.8, ndiye pakufunika mabowo osachepera 7. Titenga 8, anayi pakhoma lililonse lalitali, lililonse likukoka 15.75 m³/s.

Pali zofufuza zina ziwiri:

```
Di   = 2ab / (a + b)      (d / Di > 2)
Smin = 0.9 × Ve^(1/2)
```

Di ikuimira m'mimba mwa bowo, ndipo a ndi b apa ndi mbali ziwiri za girilo. Girilo ya 2 ndi 1.5 ili ndi Di ya 1.71, ndipo 4.5 kugawa ndi 1.71 ndi 2.6, zomwe zikuposa 2. Smin ndi mtunda wochepetsetsa pakati pa mphepete za mabowo oyandikana, ndipo Ve ndi zimene bowo limodzi likukoka. Kwa ife ndi mamita 3.6. Mabowo oyandikana kuposa apa amakoka ngati bowo limodzi lalikulu, ndipo phindu lowagawa limatha. Mabowo anayi ndi mipata itatu akutenga mamita 18.8 pakhoma la mamita 30, ndiye akukwana bwino.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: mpweya wolowa m'malo

Gawo limeneli ndi limene limavuta kulipezera malo m'nyumba, ndipo likachedwa kuganiziridwa limagwetsa zonse zam'mbuyomu. Makilogalamu 139.5 amene akutuluka sekondi iliyonse ayenera kulowa penapake. Werengerani polemera, osati pa makiyubiki mita a utsi, chifukwa mpweya wolowa ndi wozizira: pa madigiri 20 kiyubiki mita imodzi imalemera makilogalamu 1.2, ndiye 139.5 ndi pafupifupi 116 m³/s.

Pali malamulo atatu. Mpweyawu ulowere kunsi kwa mtambo, apo ayi umasakanikirana ndi utsi, kuuziziritsa ndi kuutsitsira pansi. Ukhale wochepa pang'ono kuposa wotuluka ngati ukulowetsedwa ndi mafani, kawirikawiri magawo 85 mpaka 95 pa 100, kuti atiriyamu ikhale yokoka pang'ono ndipo utsi usakankhidwire m'zipinda zoyandikana. Wotsalawo umalowera m'ming'alu ya nyumba. Ndipo liwiro lake lisapose mamita 1.02 pa sekondi paliponse pamene ungakumane ndi moto kapena mzati wa utsi, pokhapokha kafukufuku wapadera atasonyeza kuti liwiro lokulirapo silisokoneza.

Lamulo lachitatuli ndi limene limadya malo. Chifukwa chake ndi chakuti masamu a gawo lachitatu amaganiza kuti mzati ukukwera molunjika mumpweya wodekha. Mphepo ikauomba, malawi amapendekeka, mzati umasweka, umakoka mpweya wochuluka kuposa 139.5, ndipo utsi wina umafalikira pansi pamene anthu ali. Tikatenga magawo 90 pa 100, tikulowetsa 104 m³/s, ndipo pa liwiro la 1.02 pakufunika masikweya mita 102 a mpata weniweni. Ngati mpweya ukulowa wokha kudzera pazitseko ndi mazenera, tengani 116 yonse, ndipo mpata ndi masikweya mita 114. Chitseko cha mapiko awiri cha mamita 1.8 ndi 2.1 chimapereka 3.8 okha, ndiye zingafunike zitseko 30. Girilo imene theka lake ndi zitsulo imafuna khoma lowirikiza kawiri: masikweya mita oposa 200.

Onani zimene zimachitika wina akangodalira zitseko zinayi za polowera. Mpata wake ndi masikweya mita 15, ndipo mpweya umadutsapo pa mamita 7.7 pa sekondi, kuposa malire kasanu ndi kawiri. Kuti mpweya uthamange chotero, atiriyamu imakhala yokoka ndi pafupifupi 84 Pa. Zitseko zothawira zimatsegukira kunja kwa bwalo, ndiye kukoka kumeneku kumazimatiza pafelemu. Pa chitseko cha mamita 0.9 ndi 2.1, zimenezi zikuwonjezera manyutoni pafupifupi 87 pa chogwirira. Chotsekera chitseko chikamafuna 55, zonse pamodzi ndi 142, pamene malire ololedwa ndi 133. Mwana kapena munthu wokalamba angalephere kutsegula. Komanso mafani okokawo sangafike pa 126 m³/s ngati kukana kumeneku sikunawerengeredwe posankha.

Njira yothetsera ndi kumwaza mpweyawo. Kunsi kwa mamita 18 kuli nsanjika zingapo, ndipo iliyonse ingalowetse gawo lake. Makina oziziritsa nyumba angasinthidwe kuti pa nthawi ya moto azilowetsa mpweya wa kunja wokhawokha m'nsanjika zotsegukira ku bwalo, mpweyawo n'kumayenda pang'onopang'ono kudutsa m'makonde kulowa mu atiriyamu. Mpata wa m'mphepete mwa khonde ndi waukulu, choncho liwiro limatsika lokha. Chenjerani kuti madifiyuza wamba, mabowo othirira mpweya m'zipinda, amapangidwa kuti aziponya mpweya patali, ndiye amene ali pafupi ndi bwalo angapose 1.02 ngakhale avereji ili pansi. Mazenera ndi zitseko zotseguka zokha ndi zotchipa, koma zimalowetsanso mphepo ya kunja. Zikakhala mbali ziwiri zoyang'anizana za nyumba, mphepo imadutsa m'bwalo monse n'kugwetsa mzati. Ziikeni mbali imodzi kapena pamalo otetezeka ku mphepo. Pamwamba pa nyumba, talikitsani potulukira utsi ndi polowera mpweya, poganizira kumene mphepo imawombera, kuti utsi usabwerere m'nyumba kudzera m'mafani olowetsa.

Ngati masikweya mita 102 sakupezeka, bwererani ku gawo lachitatu. z ya mamita 12 ikufuna mafani a 71 m³/s ndi mpata wa masikweya mita pafupifupi 55. Njira ina ndi kuyesa nyumbayo pakompyuta ndi pulogalamu yonga FDS, yomwe ingasonyeze ngati liwiro lokulirapo pamalo akutali ndi zinthu zoyaka silisokoneza mzati. Wovomereza mapulani ayenera kugwirizana nazo musanayambe.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kuyatsa ndi kuyesa

Zozindikira utsi za kudenga sizodalirika mu atiriyamu. Dzuwa likawomba denga lagalasi, kunsi kwake kumasonkhana mpweya wotentha umene ungapose kutentha kwa mzati wa moto umene ukungoyamba. Utsi umakwera n'kuima kunsi kwa mpweya wotenthawo osafika kudenga. Gwiritsani ntchito zozindikira za kuwala kodutsa m'bwalo kuchokera khoma lina kupita lina, pa misinkhu ingapo, kapena zopendekera m'mwamba kuti zidutse msinkhu uliwonse umene utsi ungaime. Mafani akangoyaka amachotsa mpweya wotenthawo ndipo utsi umakwera bwino.

Ndondomeko yoyatsira ilembedwe momveka: makina oziziritsa asiye kuzungulitsa mpweya wa m'nyumba, madampa, amene ndi zotsekera za m'mapaipi a mpweya, ndi zitseko zolowera mpweya zitseguke, chizindikiro chotsimikiza kuti zatsegukadi chibwere, kenako mafani okoka ayake. Fani ikayaka dampa isanatseguke, mapaipi amatha kuphwanyikira m'kati ndipo zitseko zimamatirira. Zonsezi, kuphatikizapo timamota totsegula mazenera, zikhale pa magetsi a jenereta. IBC ya masiku ano imafuna kuti makinawa agwire ntchito kwa mphindi 20 kapena nthawi yothawira yowerengeredwa kuchulukitsa ndi 1.5, potengera chimene chili chachitali.

Poyesa nyumba ikatha, musadalire utsi wozizira wa makina a pasiteji. Ulibe kutentha koukweza, ndiye ungachititse makina abwino kuoneka olephera, kapena oipa kuoneka abwino. Yesani manambala amene munawerengera. Pimani mpweya wodutsa pa bowo lililonse mwa 8 aja, osati pafani pokha. Limodzi likamakoka 22 m³/s pamene lina likukoka 10, loyambalo lapitirira 18.5 ndipo madampa ayenera kusinthidwa. Pimani liwiro pa mpata uliwonse wolowera mpweya, pamalo angapo a mpatawo, n'kulemba lalikulu kwambiri. Kokani chitseko chilichonse chothawira ndi sikelo yopimira mphamvu mafani onse akuyenda, kuphatikizapo okankha mpweya m'masitepe ngati alipo, chifukwa mphamvu ziwirizi zimaphatikizana pa chitseko chimodzi. Pomaliza zimitsani magetsi a nyumba makina ali m'kati mogwira ntchito, muone ngati jenereta ikunyamula mafani onse pamene akuyambiranso, ndipo mulembe masekondi amene apita kuchokera pamene alamu yalira kufika pamene fani yomaliza yafika pa liwiro lake lonse.